Adakumana Bwanji? Kalembedwe ka Nkhani Yowerenga pa Chinkhoswe

Pa zinkhoswe zambiri za m'tauni masiku ano, woyendetsa mwambo amaitana mchemwali wa mtsikana kapena mnzake wa mnyamata kuti awerenge mbiri ya awiriwo. Kawirikawiri chimene chimamveka ndi mndandanda: adabadwa chaka chakuti, pulayimale adaphunzira kwakuti, mayeso a Fomu 4 adakhoza bwino, pano akugwira ntchito kwakuti. Anthu amayamba kuseweretsa mafoni, ena amadzuka kukasinthitsa ndalama zofupira. Chimene aliyense amafuna kumva, choti awiriwa adakumana bwanji, chimangobwera kumapeto m'mawu ochepa: "Adakumana ku tchalitchi ndipo adakondana."

Nkhani yabwino ya pa chinkhoswe imatenga tsiku limodzi, malo amodzi ndi chochitika chimodzi, n'kuwafikitsa omvera pakhomo pa ankhoswe mphindi zinayi zisanakwane. Kuti itero, wolemba ayambe waganizira amene adzakhale pa mipando yakutsogolo.

Chinkhoswe si phwando la achinyamata. Ndi tsiku limene mabanja awiri amadziwana pamaso pa anthu, ankhoswe n'kupatsana tambala ndi msoti, n'kugawana nkhuku yootcha posonyeza kuti nkhani za banja latsopanoli azisenza limodzi. M'madera ambiri a chigawo chapakati ndi kummwera, ankhoswe akagwirizana ndiye kuti ukwati wamwambo wamangika, ndipo lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wotere. Choncho omvera enieni a nkhani yanu ndi mwini mbumba, azakhali, agogo amene abwera kuchokera kumudzi, ndi apongozi amene mwina akuonana koyamba. Nthabwala imene ingaseketse anzanu a ku koleji itha kuwachititsa manyazi amalume pamaso pa asewere awo.

Ntchito imayamba ndi kufunsa, ndipo awiriwo muwafunse payekhapayekha. Mukawakhazika pamodzi, mmodzi amalankhula, winayo n'kumangovomera, ndipo mumatola nkhani yosalala imene akhala akuuza aliyense. Funso loti "mudamukondera chiyani?" silithandiza, chifukwa yankho lake limakhala lomwe lija: ngwaulemu, ngwoopa Mulungu. Funsani zinthu zogwirika. Padali pati? Udali mwezi wanji, kunja kudali bwanji? Adavala chiyani? Mawu oyamba adalankhula ndani, ndipo adati chiyani? Adayamba kuimba foni ndani, patapita nthawi yaitali bwanji? Wachibale woyamba kuuzidwa adali ndani? Mayankho a awiriwo akasiyana pa kanthu kakang'ono, musakonze. Kusiyanako ndi kumene kumaseketsa anthu popanda kunyoza aliyense. Koma akasiyana pa chinthu chachikulu, monga chaka chimene chibwenzi chidayamba, bwererani kwa iwo agwirizane musanalembe.

Tiyerekeze kuti mtsikana wina wapemphedwa kuwerenga pa chinkhoswe cha mkulu wake. Pofunsa wapeza zambiri: awiriwo adakumana m'basi, adapezeka kuti amapemphera mpingo umodzi, adapitako kunyanja ndi anzawo, adayambanapo mwezi wathunthu, mnyamata adapereka chikole pa Khirisimasi. Akaika zonsezi, nkhani ibwerera ku mndandanda uja. Asankhe za m'basi, chifukwa m'menemo muli chinthu chimene munthu angachione m'maganizo, ndiponso khalidwe la mnyamata likuonekera lokha. Atha kulemba motere:

"Makolo athu, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, amalume ndi azakhali, ndapatsidwa mphindi zitatu kuti ndikuuzeni mmene achemwali anga adakumanirana ndi alamu angawa.

"Udali mwezi wa Juni, kukuzizira, pamene basi yochokera ku Lilongwe idaima pa Lizulu. Achemwali adagula mbatatesi pa windo, za m'jumbo, zoti akawapatse mayi ku Ndirande. Basi itangonyamuka, jumbo ija idabooka kunsi. Mbatatesi zidabalalikira kunsi kwa mipando, ina mpaka idakafika kwa adalaivala. Basi yonse idafa nalo phwete, kupatula bambo wina wa jekete yakuda. Iyeyo adagwada n'kuyamba kutola, ndipo poti jumbo idali itatha ntchito, adavula jekete n'kukulungamo mbatatesi zija.

"Pa Wenela achemwali adati, 'Zikomo achimwene, nayi jekete yanu.' Iwo adati, 'Nanga mbatatesizo munyamulira m'chiyani? Pitani nayo. Mungondipatsa nambala, ndidzakukumbutseni.'

"Apa ndiye pali mlandu. Alamu akuti adaimba m'mawa mwake. Achemwali akuti padadutsa sabata ziwiri, moti adayamba kuganiza zoipereka jekete ija kwa mlongo wathu. Ankhoswe, mlandu wanu woyamba ndi umenewu.

"Jekete idabwezedwa yochapa ndi kusita. Mawu adaperekedwa, koma mukudziwa kuti mbeta silola tsiku limodzi: alamu adadikira mpaka mvula yoyamba. Tsiku lovomera, achemwali adangonena chimodzi: 'Ngati mukunena zoona, njira ya kwa amalume ndi iyo.' Adaitsata njirayo, n'chifukwa chake lero tasonkhana pano. Zikomo."

M'nkhaniyi mulibe pamene panenedwa kuti mnyamatayo ndi wachifundo kapena wodzichepetsa. Amalume amva okha kuti adagwada m'basi anthu akuseka, n'kuvula jekete mu Juni, mwezi umene aliyense wodutsa ku Dedza ndi ku Ntcheu amadziwa kuzizira kwake. Mtsikana nayenso ulemu wake wasungika: adabweza chinthu cha mwini chili chochapa, sadafulumire kulola, ndipo ndiye adaloza njira ya kwa akuluakulu. Mbali iliyonse ya banja yapeza chonyadira mwa mwana wake, ndipo zimenezi muziyeza mwadala. Nkhani ikatamanda mmodzi yekha, abale a winayo amabwerera kwawo akung'ung'udza.

Maina a malo nawonso ali ndi ntchito. Mukangoti "adakumana paulendo", palibe chimene munthu akuona. Mukati pa Lizulu, aliyense amene adayendapo mumsewu wa M1 akuona kale mabeseni a tomato ndi kabichi akukwezedwa m'mawindo a basi. Mawu olankhulidwa ndi awiri kapena atatu okha, aafupi, ndipo ndi amene eni ake adatchuladi. Mwambi ndi umodzi, waikidwa pamene ukufunika. Kumapeto kwalunjika kwa amalume, chifukwa pa chinkhoswe nkhani ya chikondi imathera pamene makolo adailandira. Za ukwati wa ku tchalitchi ndi za ana a m'tsogolo musiyire abusa ndi alangizi.

Pali zinthu zimene siziyenera kulowamo ngakhale zili zoona. Zibwenzi zakale musazitchule, ngakhale mwanthabwala. Mikangano, kusiyana kwa kanthawi, ndalama zimene wina adabwereka, kapena zoti makolo ena ankakana poyamba, ndi nkhani za ankhoswe kuseri. Nthabwala za mitundu, monga zoti akumpoto malowolo awo ndi okwera kapena zoti mnyamata akukalowa chikamwini, zimapweteka anthu amene sangayankhe pagulu. Ngati mmodzi ali kale ndi mwana, kapena kholo lina lidamwalira, funsani eni ake ngati akufuna kuti zitchulidwe komanso m'mawu otani.

Samalani kwambiri ndi zaka, chifukwa azakhali amawerengera. Mukanena kuti chibwenzi chidayamba mu 2018 pomwe onse akudziwa kuti mtsikana adalemba mayeso a Fomu 4 mu 2019, mwaulula pagulu kuti ankachita zibwenzi ali pasukulu, ndipo mayi ake ndi amene aweramitse nkhope. Mukatchula mwezi umene mnyamata ankadziwika kuti ali ndi wina, mwayatsa moto. Musaname, koma simukakamizidwa kutchula chaka. Nyengo imakwanira: m'dzinja, nthawi yokolola, mwezi wa Juni. Ndipo zimene mwalemba zigwirizane ndi zimene ankhoswe adauzidwa tsiku logogoda pakhomo.

Nkhani ya m'basi ija ikanakhala yoti awiriwo adadziwana pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp, njira yake ndi yomweyo. Nenani zoona m'chiganizo chimodzi, kenaka pitani ku tsiku limene adaonana maso ndi maso, chifukwa pamenepo ndi pamene pali malo, zovala ndi mawu.

Mukamaliza kulemba, awiriwo aiwerenge yonse ndipo avomereze chiganizo chilichonse. Kudzidzimutsa mkwatibwi pamaso pa apongozi si mphatso. Ndi bwinonso kuti nkhoswe mmodzi kapena azakhali aimve, chifukwa iwo amadziwa mabala a m'banja amene achinyamata sawadziwa, komanso adzakuuzani katchulidwe koyenera: amene muwatchule ndi mfunda wawo, monga a Phiri kapena Nabanda, ndi amene dzina lawo loyamba silitchulidwa pagulu. Ngati banja lina ndi la Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena, phunzirani moni wawo molondola n'kuyamba nawo, kenaka pitirizani m'Chichewa.

Utali muuyeze ndi wotchi, mukuwerenga mokweza. Mawu a Chichewa ndi aatali, ndipo pa maikolofoni munthu amayenera kulankhula modekha ndi kudikira anthu akamaseka, choncho mawu 200 mpaka 300 ndi okwanira. Pamene mpweya wakutherani pakati pa chiganizo, chiduleni pawiri. Sindikizani pa pepala m'zilembo zikuluzikulu, makope awiri, lina lisungidwe ndi woyendetsa mwambo. Foni imazima yokha, padzuwa sioneka bwino, ndipo imatha kulira muli pakati pa nkhani.

Gwirizanani ndi woyendetsa mwambo za nthawi yowerengera. Malo abwino ndi pamene mtsikana wavundukulidwa kale pa chitenje, ankhoswe apatsana nkhuku ndi ziwiya monga nkhwangwa, lichero ndi mthiko, koma perekaniperekani asanayambe. Pamenepo anthu adakali pansi, awiriwo akhala poonekera, ndipo wowerenga ali ndi ufulu wonena kuti "alamu anga", mawu amene sakanayenera kutuluka ankhoswe asanamalize mbali yawo. Woimba nyimbo auzidwiretu kuti azimitse zoimbira, chifukwa nyimbo ikangolira anthu amaimirira ndi ndalama m'manja, ndipo sabwereranso pa mipando kudzamvera nkhani.