Kuyamwitsa kumatetezadi ku mimba, koma pali malire

Pa sikelo, kaya ku Chiwamba kaya ku Kabudula, amayi ambiri amanena mawu amodzimodzi: "Sindinayambe kusamba, ndiye sindingatenge pakati." Monga mzamba, mawu amenewa sindiwatsutsa kwathunthu. Mwana akamayamwa, ubongo wa mayi umatulutsa michere yotchedwa pulolakitini imene imapangitsa mkaka, ndipo kuyamwa komweko kumaletsa uthenga wokhwimitsa dzira kuti usatumizidwe. Dzira likapanda kukhwima, msambo sumabwera. Mayi wosayamwitsa dzira lake limatha kutuluka mwezi usanathe chiberekereni, pamene woyamwitsa usana ndi usiku amatha miyezi yambiri osasamba.

Akatswiri atakumana ku Bellagio, m'dziko la Italy, mu 1988, anagwirizana kuti chitetezo chimenechi chimafika pa 98 mwa 100 alionse, koma pokhapokha zinthu zitatu zikhalepo nthawi imodzi: mwana akhale wosakwana miyezi 6, azidalira bere lokha, ndipo mayi akhale asanayambe kusamba. Chimodzi chikasoweka, chitetezo chatha. Magazi otuluka m'masabata oyamba mutachira si msambo ayi. Timayamba kuwerenga pakapita masiku 56.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa bere lokhali. Tiyerekeze mwana wa miyezi 4 m'nyengo yopalira. Amake alawirira kumunda, agogo atsala naye, walira, ampatsa phala lamadzimadzi. Wakhuta, ndiye usiku agona osadzuka. Bere limene linkayamwidwa pafupipafupi tsopano likukhala osayamwidwa maola oposa 4 masana, oposa 6 usiku. Pulolakitini watsika, dzira layamba kukhwima, mayi sakumva kalikonse. Ndipo dzira limatuluka pafupifupi masabata awiri msambo usanaoneke. Wodikira kuona magazi angathe kutenga pakati osasambako n'kamodzi komwe, n'kudzazindikira mimba ikugunda.

Ena adzati makolo athu ankayamwitsa zaka ziwiri osatumbiza. N'zoona, koma si bere lokha limene linkawateteza. Mwambo unkaletsa bambo ndi mayi kukhala malo amodzi mpaka tsiku lotenga mwana, ndipo masiku ano mabanja ambiri sadikira chotero. Enanso adzatchula mnansi amene anatha chaka ndi theka osasamba. Alipodi otero, koma palibe chizindikiro chokuuzani kuti thupi lanu lili ngati lake, ndipo pakadutsa miyezi 6 dzira lotuluka msambo usanabwere limachulukira mphamvu yopanga mimba.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limalangiza kudikira zaka 2 musanatenge pakati pena. Bere silingakufikitseni pamenepo. Ka pamkono kamaikidwa ngakhale mutangochira kumene, jakisoni amayambika pa masabata 6, ndipo zonsezi sizichepetsa mkaka. Amayi, sankhani njira yolera mwana asanalawe phala, ndipo pokasankha mupite ndi abambo ake.