Nduna Yabisala Kumapeto kwa Chiganizo

Atolankhani a ku Russia amakonda kuunjika mawu ofotokoza munthu asanamutchule. Chiganizo chimatha kuyamba ndi прибывший, kutanthauza "amene anafika", kenako n'kunena tsiku, mzinda wa Moscow ndi cholinga cha ulendo. Nduna imene inafikayo imatulukira pambuyo pa mawu onsewo. Chichewa sichilola zotere, chifukwa timayamba tamutchula munthu kenako n'kumufotokoza.

Ndiye womasulira amayamba wasaka mwini nkhani. Mathero a liwu lofotokozalo amagwirizana ndi dzina lake: прибывший amasonyeza mwamuna mmodzi, прибывшие anthu ambiri. Kachigawo ka -вш- kamasonyeza kuti mwiniyo ndiye anachita, ndipo anachita kale. Akamupeza, amadula pawiri: "Nduna inafika ku Moscow dzulo kudzagwira ntchito za boma. Lero yakambirana ndi nduna inzake."

Povuta ndi pa -нн-, pomwe dzinalo ndi lochitiridwa. Подписанный президентом закон ndi lamulo limene pulezidenti anasaina, ndipo chiganizo chikapitiriza kuti layamba kugwira ntchito, chimanena za lamulolo. Wothamanga akalemba "iye wayamba kugwira ntchito", owerenga amamva ngati pulezidenti wangolowa kumene mu ofesi. Choncho amabwereza dzina: "Lamuloli layamba kugwira ntchito."