Ndalama zikalowa mu akaunti yanu molakwika

Tiyerekeze mayi wogulitsa nsomba zouma pamsika wa ku Kafue. Mu akaunti yake ya pafoni munali K850. Masana kwabwera meseji yoti walandira K8,500 kuchokera ku nambala yomwe saidziwa. Wayang'ana balansi, ndipo zoonadi muli K9,350. Mwina wina ku Lusaka amalipira katundu nkuphonya nambala imodzi, mwina ejenti wa pabuthi analakwitsa polemba. Pa ndalama zonsezo, zake ndi K850 basi. Zinazo zikadali za mwini wake ngakhale zikuonekera pafoni ya mayiyu.

Lamulo la milandu la Zambia, Penal Code, lomwe ndi mutu 87 wa malamulo a dziko lino, limafotokoza za kuba m'ndime 265. Kuba si kulowetsa dzanja m'thumba la munthu kokha. Kutenga chinthu cha wina chimene chakufikira nkuchisandutsa chako mwachinyengo, popanda chifukwa choganizira kuti nchako, nakonso ndi kuba. Pa nkhani ya ndalama ndimeyi imapitirira, ndipo apa mpamene ambiri amagwera m'mbuna. Imati amene wagwiritsa ntchito ndalama za wina mmene iye akufunira amatengedwa kuti wachita mwachinyengo, ngakhale anali ndi maganizo odzabweza pambuyo pake. Choncho mayi uja akati angooderako matumba awiri a kapenta, adzabweza akagulitsa Loweruka, mawu amenewo sangamupulumutse m'khoti. Ndime 272 imati chilango cha kuba wamba chikhoza kufika zaka 5 m'ndende.

Mlandu wotere umagona pa zimene munthu ankadziwa. Amene amalandira ndalama kwa makasitomala ambiri tsiku lililonse akhoza kugwiritsa ntchito K300 yosochera osazindikira, ndipo pamenepo chinyengo palibe. Koma amene akaunti yake siinaonepo K2,000 chitsegulireni, lero walandira K8,500, watapa zonse pasanathe ola nkuzimitsa foni, wadziwonetsa yekha kuti amadziwa. Makampani a foni ndi mabanki amasunga nthawi imene ndalama zinalowa, nthawi imene zinatuluka, ndi buthi kapena makina amene munatapirako. Nambala ya foni nayonso inalembetsedwa ndi chitupa chanu, choncho kukupezani si ntchito.

Ku South Africa zinachitikapo poyera. Mu June 2017 wophunzira wina wa pa Walter Sisulu University, amene ankayenera kulandira R1,400 ya chakudya kuchokera ku thumba la boma lothandiza ophunzira la NSFAS, analandira R14 miliyoni. Sananene kwa aliyense, ndipo pomwe zimadziwika anali atawononga zoposa R800,000. Mu 2022 khoti la ku East London linamupeza wolakwa pa mlandu wa kuba ndipo linamugamula zaka 5 m'ndende. Atachita apilo chilango cha kundendecho chinaimikidwa, koma mlandu wa kuba unamukhalabe. Olakwitsa potumiza anali ena. Iye anazengedwa chifukwa cha zimene anachita ataona kuti ndalamazo si zake.

Ngakhale apolisi asalowererepo, ngongole imatsalabe. Makhoti a Zambia amatsatira mfundo yakale ya malamulo a ku England yoti ndalama zolipidwa molakwitsa mwini wake akhoza kuzifuna kudzera m'khoti. Mfundoyi inakhazikika kale pa mlandu wa Kelly ndi Solari mu 1841, pomwe kampani ya inshuwalansi inalipira mayi wamasiye itaiwala kuti inshuwalansi ya malemu mwamuna wake inali itatha mphamvu. Oweruza anati kusasamala kwa wolipira sikupatsa wolandira ufulu wosunga ndalamazo. Ndiye mawu oti "analakwitsa okha, ine ndinawapempha kodi?" amamveka bwino pamsika, koma kwa majisitireti alibe mphamvu.

Choyamba kuchita ndi kutsimikiza kuti ndalamazo zalowadi, chifukwa nthawi zambiri sizinalowe nkomwe. Akathyali amatumiza meseji yofanana ndendende ndi ya Airtel Money kapena MTN, kenako amaimba akudandaula kuti atumiza ndalama za kuchipatala molakwika, chonde bwezani msanga. Meseji yeniyeni imabwera ndi dzina la kampani, pomwe yabodza kawirikawiri imachokera ku nambala wamba ya munthu. Musadalire meseji iliyonse. Lowani nokha mu akaunti muone balansi. Ngati siinasinthe, palibe chobweza, ndipo nambala ya wakubayo mukhoza kuinena ku ZICTA poimba *707#. Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani kuti akuthandizeni kubweza.

Ngati zalowadi, zisiyeni momwemo ndipo dziwitsani banki kapena kampani ya foni tsiku lomwelo. Imbani nambala yawo yothandizira makasitomala kapena pitani ku ofesi ndi chitupa chanu, muwapatse nambala ya malipiro yomwe ili mu meseji, tsiku, nthawi ndi kuchuluka kwa ndalama. Pemphani nambala ya dandaulo lanu nkuilemba penapake. Ngati ndi kubanki, lembani kakalata kafupi, akudindireni kope yanu. Pepala limenelo ndilo lidzakuyankhulireni wina akadzati munafuna kubisa.

Ine ndimaona kuti anthu achilungamo ndi amene amapwetekeka kwambiri pa sitepe yotsatirayi, chifukwa amafulumira kubweza okha. Tibwerere kwa mayi uja. Bambo wina waimba, akuti ndalamazo nzake, koma akupempha kuti zitumizidwe ku nambala ya mkazi wake chifukwa foni yake yavuta. Mayi watumiza K8,500 ndi mtima woyera. Mawa lake mwini weniweni wa nambala imene ndalama zinachokera wakadandaula ku kampani kuti anamubera, ndipo zolemba za kampani zikusonyeza kuti ndalama zobedwa zinalowa kwa mayiyu nkutulukira kwina. Akaunti yake ikhoza kutsekedwa pofufuza, ndipo akhoza kufunsidwa K8,500 ina yomwe alibe. Mbava zimachita dala zimenezi kuti ndalama zidutse m'manja mwa munthu wosalakwa, ndipo nkhani zozembetsa ndalama zoba ku Zambia zimatha kufika ku Drug Enforcement Commission. Woimbayo muuzeni mwaulemu kuti akadandaule ku kampani kapena kubanki yake, inu mwanena kale mbali yanu ndipo mudzavomera akakufunsani. Ndalama zibwerere njira imene zinadzera, kampani ndiyo ibweze.

Pali kanthu kena kamene kamadabwitsa anthu. Ngati muli ndi ngongole ya pafoni, kapena munasainira kuti banki izidula yokha malipiro ena pamwezi, makina sadziwa kuti ndalama zatsopanozo si zanu. Akhoza kudulapo usiku womwewo. Mayi uja akanakhala ndi ngongole ya K1,200 yoti yakwana nthawi, pofika mmawa mukanatsala K8,150, ndipo K350 yoperewera pobweza ikanayenera kuchokera m'thumba mwake. Nenani zimenezi pamene mukudandaula kuti zilembedwe.

Banki ikalakwitsa yokha, kawirikawiri imangochotsa ndalamazo, popeza mapepala amene munasaina potsegula akaunti nthawi zambiri amaipatsa mphamvu imeneyo. Ikapeza mutatapa kale, akaunti imatsala ndi ngongole, ndipo malipiro a mwezi wotsatira akangolowa akhoza kumezedwa. Ikachotsa zopitirira zimene zinalowa, kapena ikatseka akaunti yonse kwa nthawi yaitali osakuyankhani, tengani sitetimenti ndi kope ya kalata ija, mudandaule kwa akuluakulu a bankiyo polemba. Akapanda kukuthandizani, nkhaniyo ipititseni ku Bank of Zambia ku Lusaka, yomwe imayang'anira mabanki pamodzi ndi makampani otumiza ndalama pafoni.