Vidiyo iti tijambulenso? Mmene tingawerengere manambala a anthu oonera

Amayi ndi abambo a m'makooperativa a kuno ku Ulongwe, ku Domwe, ku Tsangano ndi inu amene mumatimva kutsidya la Dedza ndi Ntcheu, nkhani yathu lero ndi ya mavidiyo ophunzitsa ulimi. Magulu ambiri tsopano ali ndi mnyamata kapena mtsikana amene amajambula alangizi pa foni, n'kuika pa Facebook, pa YouTube kapena m'gulu la WhatsApp. Ikafika nthawi yokonzekera nyengo ina, funso limabuka pa msonkhano: mwa mavidiyo amene tili nawo, tijambulenso iti? Kujambula kumadya ndalama. Pamafunika petulo wa njinga yamoto ya alangizi, mamega okwezera vidiyo, ndi tsiku lathunthu la munthu amene akanakhala kumunda kwake. Kawirikawiri gulu limangokwanitsa imodzi kapena ziwiri.

Yankho limene limabwera msanga ndi lakuti: tione imene yaonedwa ndi anthu ochepa, imeneyo ndiye yoipa. Ine ndikuti tisathamangire pamenepo, chifukwa nambala imene mumaona pansi pa vidiyo, yolembedwa kuti visualizações kapena views, siwerenga alimi amene aphunzira. Imawerenga kangati vidiyo yatsegulidwa. Kwa zaka zambiri Facebook inkawerenga kuti munthu waonera ngati vidiyo yayenda masekondi atatu okha, ndipo vidiyo imayamba yokha munthu akungodutsa ndi chala. Pa YouTube, kuyambira pa 31 Malichi 2025, timavidiyo tatifupi totchedwa Shorts timawerengedwa nthawi iliyonse tikangoyamba kapena kubwereza. Choncho musaike nambala ya pa Facebook pambali pa ya pa YouTube n'kumati iyi yapambana iyo. Miyezo yake ndi yosiyana ngati kugulitsa chimanga pa ndowa ndi pa sikelo.

Chimene chimathandiza ndi nambala yachiwiri, imene anthu ambiri saitsegula. Amene ali ndi akaunti ya gulu alowe mu YouTube Studio, asankhe vidiyo, aone pamene palembedwa Duração média da visualização. Imeneyo ndi nthawi imene munthu mmodzi amakhala akuonera, tikaphatikiza onse n'kugawa. Pafupi pake pali mzere wojambulidwa, umene umayambira m'mwamba kumanzere n'kumatsika kupita kumanja. Mzerewo ukuonetsa kuti mwa anthu amene anayamba, ndi angati adakalipo pa mphindi yoyamba, yachiwiri, mpaka kumapeto. Facebook nayo imaonetsa zofanana ndi zimenezi kwa mwini tsamba.

Tiyerekeze gulu limene lili ndi mavidiyo atatu. Manambalawa ndi achitsanzo chabe, inu muikepo anu.

Yoyamba ndi ya kupopera mbatata ya kachewere kuteteza chiwawu, matenda aja amene amadetsa masamba mvula ikalimbikira ndi kuzizira. Ndi ya mphindi 6, yaonedwa ka 900. Yachiwiri ndi ya kusunga chimanga m'matumba osalowa mpweya, ya mphindi 4, yaonedwa ka 120 kokha. Yachitatu ndi ya kusakaniza mbewu ya soya ndi inokulanti, ya mphindi 5, yaonedwa ka 400. Msonkhano ukangoyang'ana apa, aliyense anena kuti ya chimanga ndiyo yalephera.

Tsopano titsegule nambala yachiwiri ija. Ya mbatata anthu amakhalapo mphindi imodzi ndi masekondi 10, kutanthauza masekondi 70 mwa 360. Gawani 70 ndi 360, mupeza kuti ndi pafupifupi 19 pa 100 alionse. Ya chimanga amakhalapo mphindi 3 ndi masekondi 20, masekondi 200 mwa 240, ndiye 83 pa 100. Apa nkhani yatembenuka kale.

Koma tisaimire pomwepo. Tifunse kuti phunziro lenileni lili pati m'vidiyomo. M'vidiyo ya mbatata, mphindi ziwiri zoyambirira ndi malonje: apulezidenti a gulu akuthokoza alendo, kenaka alangizi akufotokoza mbiri ya matendawa m'Chipwitikizi. Kuyeza mankhwala othira m'pampu ya malita 16 kukubwera pa mphindi yachitatu. Mzere uja ukuonetsa kuti pofika pamenepo atsala anthu 15 pa 100. Ndiye mwa 900 aja, amene anaona muyezo wa mankhwala ndi 135. M'vidiyo ya chimanga, kumanga thumba kuli chakumapeto, ndipo 80 pa 100 amafikapo, ndiye anthu 96 mwa 120. Kusiyana kumene kunkaoneka ngati 900 kwa 120 kwasanduka 135 kwa 96.

Vidiyo ya mbatata ndiyo yofunika kukonzanso. Anthu 900 anaitsegula chifukwa vutolo ali nalo m'munda, koma 765 anachoka yankho asanalione. Ndipo amene wachoka pakati sakhala manja lende. Amapita kukapopera mongoganiza, wina kuchulutsa mankhwala n'kuononga ndalama, wina kuchepetsa n'kuona chiwawu chikumaliza munda. Malonje si chinthu choipa, ndi mwambo wathu, koma pa foni munthu amamvera malonjewo akuona mamega ake akutha. Apulezidenti angathe kuthokoza kumapeto.

Nanga ya chimanga ija? Isakhudzidwe. Amene aitsegula amaimaliza, ndiye vuto silili m'kati mwake. Onani tsiku limene inaikidwa. Ngati inaikidwa mu Januwale, pamene nkhokwe zili mbee ndipo aliyense maganizo ali pa kupalira ndi feteleza wobereketsa, ndani akanafuna za kusunga chimanga? Muitumizenso mu Meyi kapena Juni, anthu akukolola ndi kutonola. Zimenezo sizifuna petulo. N'chifukwa chake polinganiza mavidiyo ndi bwino kutenga masiku ofanana, tinene masiku 28 oyamba a nyengo yake ya vidiyo iliyonse, osati nambala yonse kuyambira tsiku loikidwa. Vidiyo ya zaka ziwiri idzaposa ya miyezi iwiri ngakhale itakhala yosathandiza.

Ya soya ili ndi chizindikiro china. Mzere wake ukutsika pang'onopang'ono, kenaka pa mphindi yachiwiri ndi theka ukukwera ngati chulu. Chulu chotere chimatanthauza kuti anthu akubwerera m'mbuyo kudzaonanso malo amenewo. Nambala singakuuzeni chifukwa chake. Mwina akukopera muyezo m'kope, mwina sakumva. Tsegulani pamenepo nokha muone. Mukapeza kuti mphepo ikuwomba m'foni pamene alangizi akutchula kuchuluka kwa mbewu pa paketi imodzi, kapena dzanja laphimba beseni, mwapeza vuto. Apa simukufunika vidiyo yatsopano yonse, koma masekondi 30 okha, ojambulidwa pamthunzi, pafupi, muyezo ukutchulidwa kawiri. Dziwaninso kuti mzere wa vidiyo imene yaonedwa ndi anthu 20 kapena 30 umadumphadumpha ndi munthu mmodzi yekha, sungakhale umboni. Dikirani ifike cha m'ma 100.

Pali zinthu za kuno kumalire zimene makina sadziwa. Vidiyo ya Chichewa imaonedwanso ku Lilongwe, ku Chipata ndi kwa ana athu a ku Joni, ndipo mwa 900 aja ambiri angakhale osalima kuno. Mukatsegula pamene pamaonetsa maiko a oonera, musadabwe kuona Malawi pamwamba. Komabe musafulumire kuwachotsa onse, chifukwa mlimi wa ku Kalomwe amene ali ndi khadi ya Airtel kapena TNM amaoneka ngati ali ku Malawi, pomwe mnzake wa Movitel kapena Vodacom amaoneka ku Mozambiki, onsewo ali m'mudzi umodzi.

Chachikulu kuposa zonse ndi chakuti njira imene mavidiyo amayendera kwambiri m'midzi ilibe nambala. Vidiyo ikadutsa pa Bluetooth, pa Xender kapena pa memore khadi yodzazidwa kwa anyamata a pamsika, palibe amene amawerenga. Pa WhatsApp mungaone amene uthenga wawafika ndi amene autsegula m'gulu lanu, koma simungadziwe ngati anaonera mpaka kumapeto, ndipo ikatumizidwa kwina simuionanso. Foni imodzi madzulo imazunguliridwa ndi anthu asanu, makina n'kulemba mmodzi. Amayi ambiri ndi achikulire amaonera motero, pa foni ya mwana kapena ya bambo. Mukatsatira nambala yokha, mudzajambulira anyamata a mamega, n'kusiya amene amagwira khasu.

Choncho pa msonkhano wa mwezi, alembi atsegule kope. Pa vidiyo iliyonse afunse mafunso atatu anthu akweze manja: ndani anaiona, ndani anayesa kumunda, ndani angafotokoze muyezo wake pompano. Funso lachitatulo ndilo limaulula zoona, chifukwa manja a funso loyamba ena amakwezedwa mwaulemu chabe. Ngati oona ndi 40, oyesa 25, koma otchula muyezo bwino ndi 6, vidiyoyo ijambulidwenso ngakhale nambala ya pa foni ikhale yokongola. Ngati onse akufotokoza bwino koma oyesa ndi ochepa, funsani ngati thumba kapena inokulanti ikupezeka m'masitolo a ku Ulongwe ndi pa mtengo wanji. Vidiyo yatsopano singatsitse mtengo.

Umu ndi mmene anayezera ofufuza ku Gurúè, m'chigawo cha Zambeziya. Kumeneko bungwe la SAWBO linagwiritsa ntchito kavidiyo ka zithunzi zojambula, ka m'Chilomwe, kophunzitsa kusunga nyemba m'chigubu chotsekedwa bwino kuti anankafumbwe afe ndi kusowa mpweya. Sanakhutire ndi kuwerenga oonera. Anabwerera patapita zaka ziwiri kukafunsa alimi amene anaphunzitsidwa, ndipo zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2020 zinaonetsa kuti 89 pa 100 mwa ofunsidwawo ankagwiritsa ntchito njirayo. Gulu lathu la anthu 60 lingachite zomwezo ndi kope ndi cholembera.

Mukasankha yokonzanso, yambani mwaona ngati kudula kokha sikungakwane. Pa kompyuta, YouTube Studio imalola kudula malonje a kumayambiriro popanda kutaya adiresi ya vidiyo ndi nambala yake. Koma kulowetsa zithunzi zatsopano kapena mawu a Chichewa m'malo mwa Chipwitikizi kumafuna kukweza vidiyo ina, ndipo nambala imayambanso pa ziro. Musanatero, lembani m'kope manambala atatu a yakaleyo: kangati yaonedwa, nthawi imene anthu amakhalapo, ndi angati pa 100 amafika pa muyezo. Yatsopano ya mbatata ituluke mu Disembala, chiwawu chisanalowe, ndipo pakutha kwa Febuluwale muike manambala ake pambali pa akalewo.