Mlembi wa Kopaletivi ndi Malamulo a Chilolezo

M'magulu ang'onoang'ono oyenga mafuta a mpendadzuwa ku Balaka ndi ku Machinga, ntchito yovuta kwambiri imagwera mlembi, amene amayenera kuwerenga malamulo a boma olembedwa m'Chingerezi n'kufotokozera anzake zimene akulamulidwa kuchita ndi chilango chimene chikuwadikira akalephera. Laisensi ya malo ochitira bizinesi ku khonsolo ya boma siivuta kuimvetsa, pakuti n'kulipira chaka ndi chaka. Mutu umazungulira pa chilolezo cha Malawi Bureau of Standards, bungwe loona za miyezo ya katundu limene linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likugwira ntchito potsatira lamulo la 2012.

Vuto lake n'lakuti udindo ndi chilango sizilembedwa pamalo amodzi. Lamulo lalikulu limangoletsa kugulitsa katundu wosakwanira muyezo wokakamiza, kutanthauza muyezo umene boma lalengeza kuti aliyense autsate, pomwe zofunika zenizeni zili m'mabuku ena: MS 21 imanena za ukhondo wa nyumba yopangiramo chakudya, ndipo MS 19 imanena zolembedwa pa chikalata chomata pa botolo. Choncho mlembi wodziwa ntchito amatenga ndime iliyonse n'kuifunsa kuti ikulamula ndani, kuti achite chiyani, pofika liti, ndiponso woyendera adzafuna umboni wotani, kenaka amapita ku ndime za milandu, zimene kawirikawiri zimakhala chakumapeto, kukafufuza chilango chogwirizana nayo.

Nkhani ya vitamini A ikuonetsa bwino mmene gulu limagwera m'mavuto. Mafuta ophikira ogulitsa amayenera kuthiridwa vitaminiyu, ndipo wowerenga mothamanga amaganiza kuti udindo watha akathira msanganizo wake mu diramu. Koma labotale imayeza zimene zili m'botolo, ndipo vitamini A amawonongeka ndi kuwala, kotero kuti mafuta okhala padzuwa la ku Liwonde kapena ku Ulongwe m'mabotolo oonekera mkati angathe kulephera ngakhale anathiridwa mokwanira. Chimene chimathandiza gulu pamenepo ndi kaundula wosonyeza tsiku loyenga, malita ake, kuchuluka kwa msanganizo ndi nambala ya mafuta amene anapangidwira limodzi, nambala imene iyeneranso kuoneka pa botolo. Popanda nambalayo, sikutheka kupatula mafuta olakwika kwa abwino, ndipo onse amakayikiridwa.

Oyenga ambiri amafunsa za faindi yokha, koma amene anakumanapo ndi woyendera amanena kuti chowawa kwenikweni ndi kulandidwa katundu kapena kuimitsidwa ntchito pamene mpendadzuwa wogulidwa pa ngongole uli m'nkhokwe. Ena amadandaula kuti ndalama zoyezetsera mafuta ku Blantyre zimadya phindu lonse. Madandaulo amenewa ndi omveka, makamaka poganizira kuti fakitale yaikulu ili ndi loya ndi katswiri wa miyezo, pomwe kopaletivi ya kumudzi yasenzetsa zonsezo mlembi mmodzi, amene nthawi zambiri salandira malipiro.