Uthenga wa eni ukasochera m'foni mwanu

Ntchito yanga ndi yoteteza zinsinsi za anthu zimene maofesi amasunga m'makompyuta, ndipo ambiri akamva zimenezi amaganiza kuti ndimangokhalira kulimbana ndi mbava za pa intaneti. Mbavazo zilipodi, koma zinsinsi zambiri zimene ndaona zikutayika sizinabedwe ayi. Zinatuluka ndi chala cha kalaliki amene analemba 7 pamene pamafunika 1, kapena amene anasankha Banda wina pa mndandanda wa mayina. Zikatero, chinsinsi cha munthu chimagwera m'manja mwa mlendo, ndipo mlendoyo mukhoza kukhala inu.

Tiyerekeze kuti muli pa ntchito yanu, ndiye pa WhatsApp pafika zithunzi zitatu kuchokera ku nambala yosaidziwa, ndi mawu akuti: "Bwana, mapepala a mayi aja ndi awa." Chithunzi choyamba ndi chiphaso cha unzika. Chachiwiri ndi fomu yopempha ngongole, yosonyeza malipiro a mayiyo, nambala yake ya foni ndi ya akaunti ya kubanki. Chachitatu ndi kalata ya kuchipatala. Kwa inu ndi mapepala chabe. Kwa wakuba ndi chuma, chifukwa chiphasocho chili ndi dzina, tsiku lobadwa, nkhope ndi nambala, zomwe zija amafunsa polembetsa simukhadi kapena potsegula akaunti. Munthu wodziwa zonsezi akaimbira mayiyo n'kunena kuti ndi wa kubanki, mayiyo sangakayike.

Musanachite kalikonse, dzifunseni ngati uthengawo wasocheradi kapena ndi msampha. Chizindikiro chake n'chosavuta: uthenga wosochera sukupemphani kanthu. Wina akakulemberani kuti manambala asanu ndi limodzi amene afika pa foni yanu ndi ake, muwatumize, dziwani kuti ndi manambala otsegulira WhatsApp yanu pa foni ina, ndipo mukampatsa akulandani akaunti. Wina akaimba akudandaula kuti watumiza ndalama kwa inu molakwitsa, musakhulupirire uthenga umene wafikawo. Yang'anani nokha ndalama zimene zili mu Airtel Money kapena Mpamba yanu, ndipo ngati zalowadi, muuzeni aimbire kampaniyo kuti ndiyo ibweze. Chimodzimodzinso uthenga wokuuzani kuti mudine penapake kuti muone zambiri: usiyeni.

Mapepala a mayi aja sakupempha chilichonse, choncho asocheradi. Mukangozindikira kuti si anu, lekani kuwerenga. Kuona mwangozi si mlandu, ndipo palibe angakudzudzuleni. Vuto limayamba ndi zimene mwachita mutaona. Apa ndi pamene anthu amtima wabwino amalakwitsa kwambiri: amaponya chithunzicho pa gulu la mpingo kapena la kumudzi n'kufunsa kuti, "Alipo akuwadziwa mayi awa?" Cholinga n'chabwino, koma chinsinsi chimene chinali ndi munthu mmodzi tsopano chili ndi gulu lonse, ndipo palibe njira yochibwezera. Musatumize kwa wina aliyense, ngakhale kwa akunyumba kwanu, ndipo musachijambulenso.

Amene muyenera kumuuza ndi wotumizayo. Mawu ochepa akwanira: "Pepani, uthenga uwu wafika kwa munthu wolakwika. Sindinautumize kwa wina, ndipo ndikuufufuta." Musabwereze zimene mwaona, musatchule dzina lanu lonse kapena kumene mumakhala. Anthu amandifunsa chifukwa chimene ndimaletsera kuimbira mayi mwini mapepalawo, popeza nambala yake ili pa fomu. Taganizani: foniyo ayankha ndani? Mwina ndi mwamuna wake amene sakudziwa za ngongoleyo, mwina ndi mwana amene sanauzidwe za matendawo. Inu mukuti mukuthandiza, koma mwaulula. Udindo wouza mayiyo ndi wa amene analakwitsa, chifukwa ndiye akumudziwa.

Kufufuta kuli ndi kachitidwe kake. Wotumizayo ali ndi masiku pafupifupi awiri oti agwiritse ntchito `Delete for everyone`, choncho mukumbutseni msanga. Koma musadalire zimenezo zokha. Mafoni ambiri amatsitsa zithunzi okha n'kuzisunga mu `Gallery`, moti uthenga ukhoza kuchoka pa WhatsApp chithunzi n'kutsala. Inu sankhani `Delete for me`, ndipo foni ikafunsa ngati mukufuna kuchotsanso chithunzicho m'foni, vomerani. Kenako tsegulani `Gallery` muone ngati chapitadi. Musaiwale `Trash` kapena `Recently deleted`, kumene mafoni ambiri amasunga zofufutidwa kwa masiku pafupifupi 30. Ngati foni yanu imakweza zithunzi ku Google Photos, yang'ananinso kumeneko. Ntchito yonseyi siitenga nthawi, koma ndi yofunika kwambiri pa foni imene ana amaseweretsa madzulo kapena imene mudzagulitse tsiku lina.

Nkhani imasintha pang'ono ngati uthengawo wachokera ku ofesi, monga banki, chipatala, sukulu kapena bungwe lobwereketsa ndalama. Kalaliki amene walakwitsa nthawi zambiri amachita mantha, ndipo amangoti, "Fufutani basi, musauze munthu." Fufutani ndithu, koma lembani penapake tsiku, nthawi ndi nambala imene inatumiza, osalemba za m'katimo. Kenako dziwitsani ofesiyo kudzera pa nambala yake yodziwika. Si kuneneza munthu ayi. Gawo 21 la Malamulo Oyendetsera Dziko lino limapatsa aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi, ndipo lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 linaika bungwe la MACRA kuti liziyang'anira mmene maofesi akusungira zinthu zotere. Ofesi siingakonze vuto limene siikulidziwa. Ngati nambala yanu inalembedwa molakwika m'kaundula wawo, mauthenga a mayiyo azingobwera kwa inu mwezi ndi mwezi mpaka wina atakonza. Akapanda kulabadira mutawauza kangapo, mukhoza kukadandaula ku MACRA.

Samalaninso ndi zimene mukudziwa tsopano, chifukwa m'mutu simufufutika. Dziko lathu ndi laling'ono, ndipo n'zotheka kupeza kuti mayi wa pa chiphaso uja ndi mphunzitsi wa mwana wanu. Musamusonyeze kuti mukudziwa, ndipo musakambe za matenda ake pa maliro kapena pa chigayo. Ngati kalatayo ikukhudza kachilombo ka HIV, dziwani kuti lamulo la 2018 lokhudza matendawa limaletsa kuulula za munthu wina popanda chilolezo chake, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo latchula.

Pali nthawi imodzi yokha imene ndimati musafufute. Ngati uthengawo ukusonyeza kuti moyo wa munthu uli pangozi, kapena kuti mwana akuchitidwa nkhanza, musauyankhe ndipo musautumize kwa wina. Pitani ndi foniyo kupolisi momwe ilili, akaone okha.

Kupatula pamenepo, njira ndi yomweyo: lekani kuwerenga, uzani wotumiza, fufutani paliponse pamene chithunzicho chabisala, ndipo nkhaniyo ithere pa inu. Ndipo inunso, musanatumize chiphaso chanu kapena cha wina, werengani nambalayo kawiri.