Mulu wa makalata, ntchito imodzi: kusankha ndi malikisi olemera mosiyana

Bungwe likalengeza ntchito imodzi, makalata ofunsira amabwera ngati mvula. Wowerenga amayamba ndi mphamvu, koma pofika pa sivi ya makumi atatu maso atopa, ndipo amene walemba Chingerezi chosalala amayamba kuoneka wodziwa ntchito kuposa anzake. Pali tebulo losavuta la pa Excel kapena Google Sheets limene limachepetsa vutoli, ndipo mphamvu yake yagona pa chinthu chimodzi: zonse zofunika kugwirizana zimagwirizanidwa maenvulopu asanatsegulidwe.

Tiyerekeze kuti kampani yaing'ono ikufuna kalaliki wa za chuma. Choyamba ndi kuwerenga chilengezo cha ntchitoyo ndi kupatula zofunika zimene munthu sangalembedwe popanda izo, monga dipuloma ya akaunti. Zimenezi sizipatsidwa malikisi. Yankho lake ndi eya kapena ayi, ndipo wopanda dipuloma amatsalira pakhomo. Zikasakanizidwa ndi zina zonse, munthu wosayenera n'komwe angathe kukwera pamwamba chifukwa chochita bwino pa zinthu zing'onozing'ono.

Zotsalazo zimasanduka mfundo zinayi kapena zisanu, ndipo malikisi 100 amagawidwa pakati pa mfundozo malinga ndi kufunika kwake. Pa ntchito iyi, luso losunga mabuku a ndalama lingatenge 40, kugwiritsa ntchito mapulogalamu monga QuickBooks kapena Sage 25, kukonza za msonkho wopita ku MRA 20, ndipo kulemba malipoti 15. Apa ndi pamene akuluakulu amakangana, ndipo mkanganowo ndi wabwino, chifukwa ukuchitika pasanaoneke dzina la mphwake wa aliyense.

Kenako sivi iliyonse imapatsidwa nambala yoyambira 0 mpaka 3 pa mfundo iliyonse. Nambala zokha sizikwanira, zimafuna tanthauzo lolembedwa. Pa luso losunga mabuku, 0 angatanthauze kuti sivi sinenapo kanthu, 1 kuti munthuyo anangophunzira kapena kuthandizirako ena, 2 kuti anagwira ntchitoyo payekha, ndipo 3 kuti anatsekapo mabuku a mwezi kapena a chaka ndipo watchula kumene anachitira zimenezo. Mawu oti "ndine wolimbikira ntchito" sabweretsa malikisi. Chofunika ndi umboni.

Pa kompyuta, manambala 40, 25, 20 ndi 15 amaikidwa m'mabokosi B2 mpaka E2. Ofunsira amayambira mzere wachitatu, aliyense mzere wake, ndipo ndi bwino kuwalemba ndi nambala m'malo mwa dzina. Mu bokosi F3 mumalembedwa fomula iyi, yomwe imakokeredwa pansi mpaka munthu womaliza:

```
=SUMPRODUCT($B$2:$E$2,B3:E3)/3
```

Fomulayi imachulukitsa nambala iliyonse ndi kulemera kwa mfundo yake, n'kuphatikiza zonse. Kugawa ndi 3 kumabweza zotsatira pa 100. Zizindikiro za $ zisaiwalike, chifukwa popanda izo fomula ikakokeredwa pansi imasiya mzere wachiwiri n'kuyamba kuchulukitsa malikisi a munthu ndi a mnzake wapamwamba. Chizindikiro chake sichibisika: woyamba yekha amapeza malikisi omveka, ena onse amagwera pansi penipeni.

Taonani ofunsira awiri. Woyamba wapeza 3, 1, 3 ndi 1: mabuku ndi msonkho amazidziwa, koma pa mapulogalamu ndi malipoti ndi wofooka. Wachiwiri wapeza 1, 3, 2 ndi 3. Kungophatikiza manambalawa, wachiwiri akutsogola ndi 9 pamene woyamba ali ndi 8. Kulemera kukalowapo zinthu zimatembenuka. Woyamba ali ndi 120, 25, 60 ndi 15, zonse pamodzi 220, zomwe zikupereka malikisi 73. Wachiwiri ali ndi 40, 75, 40 ndi 45, pamodzi 200, malikisi 67. Kampani inanena yokha kuti mabuku ndiwo mutu wa ntchitoyi, ndipo tebulo langoikumbutsa mawu ake.

Tebulo limathanso kunama. Anthu ambiri akamapeza 2 paliponse, ndiye kuti matanthauzo a manambala ndi osamveka. Njira yoyesera ndi kupereka masivi asanu omwewo kwa anthu awiri, aliyense awerenge payekha. Pamene asiyana ndi malikisi awiri pa mfundo imodzi, tanthauzo la mfundoyo lilembedwenso ntchito yonse isanayambe. Choipa kwambiri ndi kusintha kulemera kwa mfundo zotsatira zitatuluka kuti wina wokondedwa akwere, pakuti kumeneko ndi kukondera kobisala m'masamu.

Ndipo kusiyana kwa malikisi awiri kapena atatu sikunena zambiri, popeza nambala imodzi yokha pa mfundo yaing'ono kwambiri ija imasuntha zotsatira ndi malikisi 5. Anthu oyandikana chotere onse aitanidwe ku intavyu.